Mizere Itatu ya Pamwamba

Nafiriji anali mmisiri wa mafiriji ndi zipinda zoziziritsira katundu. Dzina limeneli anamupatsa ndi makasitomala a pa shopu ya a Chipewa, poona mzimayi akugwira sipanala ngati anabadwa nayo m'manja. Iye sankadana nalo. Kunena zoona ankalikonda kuposa dzina lake lenileni, chifukwa dzina lenilenilo panali munthu amene ankalisakasaka.

Munthuyo anali bambo a mwana wake. Nafiriji anawathawa chaka chapitacho, m'mawa wina iwo atapita ku ntchito. Anabereka mwanayo, Tsabola, kumbuyo, chikwama cha zitsulo paphewa, dzanja lamanzere likadali m'bandeji, n'kukwera mabasi mpaka kufika mu mzinda umene analibemo m'bale ndi mmodzi yemwe. Anasintha nambala ya foni, anabwerera ku dzina la bambo ake omubereka, anasiya kujambulitsa. Bambo a Tsabola sanali munthu wokalipa. Bola akanakhala wokalipa! Ankalankhula motsitsa mawu, akumwetulira, moti anthu a pa mpanda ankawatamanda kuti ndi bambo wofatsa. Ndi mawu otsitsa omwewo anamuuza kangapo kuti tsiku limene adzathawe adzamupeza, ndipo mwanayo sadzamuonanso.

Ndiye Nafiriji ankakhala mwa kachetechete, m'chipinda cha lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wosoka zovala, amenenso ankamusungira Tsabola masana. Moyo ukanapitirira choncho, koma a Chipewa, eni shopu, maso anali atayamba kuwavuta. Madalawa, amene chipewa chawo sankavula ngakhale alowe mutu m'firiji, ananena poyera kuti chaka chikamatha atseka shopu akapume. Nafiriji anafunika ntchito ina, yokhazikika, ndipo makampani akuluakulu a zoziziritsa masiku ano sayang'ana munthu pa geti. Amayang'ana pa tsamba lija la pa intaneti limene anthu amaikapo mbiri yawo ya ntchito. Nafiriji anaikapo yake, yopanda chithunzi, yopanda dzina la mzinda. Inakhala pamenepo miyezi, zii, popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa kuti mwadzuka bwanji.

Kasitomala wina ndi amene anamulozera kwa a Fufutani.

Ofesi ya a Fufutani inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala, kachipinda kotentha kokhala ndi tebulo, mipando iwiri, makina osindikizira amene ankatsokomola asanatulutse pepala, ndi fani yogwedeza mutu ngati ikukana chilichonse. Ntchito yawo inali kukonzera anthu mbiri ndi makalata ofunsira ntchito. Anali mayi wamtali, wa magalasi a unyolo, wa pakamwa posapsa, ndipo dzinalo analipeza chifukwa mawu awo oyamba kwa kasitomala aliyense anali amodzimodzi.

Anatsegula mbiri ya Nafiriji pa kompyuta n'kuwerenga mokweza ndime yofotokoza za mwini wake, ndi mawu a munthu wolengeza maliro.

"‘Moni nonse.’ Mzere wopanda kanthu. ‘Ndine munthu wolimbikira ntchito, wokhulupirika, wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga komanso pandekha.’ Asisi, fufutani."

"Zonse?"

"Zonse. Ndipatseni foni yanu."

Anatsegula mbiri yomweyo pa foni n'kumuyandikizira kumaso. Pa sikirini pankaoneka moni uja, mpata, kenako theka la chiganizo, timadontho titatu, ndi mawu otuwa akuti onani zambiri.

"Mwaona? Tsambali silionetsa ndime yonse. Limaonetsa mizere ingapo ya pamwamba, itatu kapena kuposera pang'ono, n'kudula. Zotsalazo munthu amaziona akadina apa. Tsono bwana wolemba ntchito ali ndi mbiri za anthu mulu, tiyi akuzizira, foni ikulira. Mukuganiza adina chifukwa mwamupatsa moni? Mzere woyamba mwaupereka kwa moni, wachiwiri kwa mphepo. Zoti mumakonza zipinda zoziziritsira zili kuti?"

"Zili m'munsimo."

"M'munsimo ndi kumanda, asisi. Safikako munthu popanda chomukoka. Komanso kulimbikira ntchito, ndani analembapo kuti ndine waulesi? Ngakhale mlamu wanga amalemba kuti ndi wolimbikira, munthu woti supuni imamulemera."

Nafiriji anaseka, koyamba pa masabata ambiri. Mayiwa anamusangalatsa.

A Fufutani anafotokoza dongosolo lawo akumenya tebulo ndi cholembera. Chiganizo choyamba chinene ntchito imene munthu amagwira, ndi mawu amene olemba ntchito amalemba akamasaka. Chachiwiri chinene chinthu chimodzi chimene anachitadi, chooneka ndi maso, choti wina aliyense sangachilembe. Ndipo chinthucho chisiye funso m'mutu mwa wowerenga malo odulira asanafike, kuti chala chidine chokha. Yankho lake likhale pansi pomwepo, osamunamiza munthu.

"Tsono ndiuzeni. Tsiku liti limene munabwerera kunyumba mukudziwa kuti lero ndagwira ntchito?"

Nafiriji anatchula za makompuresa amene anasintha, za gasi amene anadzaza. A Fufutani ankangoyasamula dala. Kenako, kaya chinamutuma n'chiyani, anatchula za paipi.

Zinachitika akadali ku mzinda wakale, akugwira ku kampani ina. Linali tsiku la tchuthi, masana dzuwa lili pamutu, atamuimbira foni kuti chipinda chosungira katemera chayamba kutentha. Atafika anapeza fani ya panja, imene imaziziritsa mapaipi otentha a makina, yapsa. Popanda faniyo makinawo ankatentha n'kudzizimitsa okha. Masitolo onse anali otseka, ndipo fani ina inali kutali. Nafiriji anaona paipi ya wosamalira maluwa ili pa kapinga. Anaphimba mbali ya mawaya ndi pulasitiki, anatsegula mpopi pang'ono, n'kuyamba kuwaza madzi pa mapaipi otenthawo. Makina anadzuka. Anaima pamenepo akuwaza, diso pa geji, mpaka madzulo pamene fani inafika. Katemera sanawonongeke ndi botolo limodzi lomwe.

A Fufutani anavula magalasi.

"Mayi inu! Muli ndi nkhani ngati imeneyi, n'kumalemba moni nonse?"

Chimene Nafiriji sananene n'chakuti tsiku limenelo unali ukwati wa mchemwali wa amuna ake, ndipo iye anachoka pa phwando anthu akuona. Anabwerera atanyowa mpaka m'nsapato, akusangalala, n'kufotokoza nkhani ya paipi kwa apongozi ndi alamu onse. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Amuna ake anamwetulira. Atafika kunyumba anatseka chitseko bwinobwino, anakweza wailesi, ndipo zimene zinatsatira Nafiriji sanauzepo munthu. Ku banja limenelo nkhani ya paipi ankaidziwa ngakhale ana.

"Imeneyo tisaike," anatero.

"Chifukwa?"

"Pali achibale ena amene sindifuna adziwe kumene ndili."

A Fufutani anaseka. Anaganiza kuti ndi achibale opempha, amene aliyense ali nawo.

"Achibale anuwo amalemba ntchito amisiri a mafiriji? Asisi, tsambali lili ndi anthu ngati mchenga. Chithunzi mulibe, mzinda simunatchule, dzina ndi la kwanu. Akupezani bwanji? Koma mukabisa nkhaniyi, amene sakupezani ndi mabwana."

Nafiriji anayang'ana fani ija ikupukusa mutu. Akananena zoona pamenepo, mwina mayiwa akanamva. Koma manyazi ndi chinthu chopusa, abale. Munthu womenyedwa ndi amene amachita manyazi, womenyayo ali phee. Anaganiza za shopu yotsekedwa, za Tsabola amene nsapato zinali zitayamba kumuthina, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Analemba limodzi. Poyamba zinatuluka zazitali, zoyamba ndi tsiku la tchuthi ndi kutentha kwa dzuwa. Pa kompyuta zinkaoneka bwino, paipi ikuonekera timadontho tisanafike. Koma a Fufutani sankakhulupirira kompyuta. Anatsegula pa foni, ndipo apo ndimeyo inadukira pa fani yopsa, paipi itagwera pansi pa mzere.

"Mwaona? Foni imadula msanga, ndipo anthu ambiri amawerengera pa foni. Fani yopsa si nkhani, mafani amapsa tsiku lililonse. Nyambo yathu ndi paipi. Ikwere."

Anadula mawu, anasuntha, anayesanso pa foni ya Nafiriji, kenako pa yawo imene inali ya sikirini yaing'ono, poti mafoni sadula malo amodzi. Pomaliza zinatsala izi:

"Ndimakonza zipinda zoziziritsira mankhwala ndi zakudya. Tsiku lina ndinapulumutsa chipinda chodzaza katemera ndi paipi yothirira maluwa, fani itapsa, masitolo ali otseka. Ndinachita motere:"

Pa foni iliyonse paipi inkaoneka, ndipo timadontho tinkagwa penapake pambuyo pake. Nafiriji mwini wake, amene nkhaniyo ankaidziwa, anamva chala chikumuyabwa kuti adine.

Pansi pa mzere anafotokoza mmene anachitira, mwachidule, kenako makina amene amawadziwa ndi maphunziro ake. Vuto linabwera pa chiganizo chomaliza.

"Munthu wawerenga mpaka pansi, wakukondani. Akupezani bwanji? Pa tsambali si aliyense angakutumizireni uthenga ngati simunalumikizane. Ikani nambala."

"Nambala yanga ayi."

"Ndiye ikani ya shopu, ndi dzina la shopuyo. Aone kuti muli pa ntchito, si munthu wongokhala."

Nafiriji anawerengera mumtima. Bambo a Tsabola sanali munthu wowerenga. Kalata ya ku sukulu, malangizo a mankhwala, uthenga wa pa foni wopitirira mizere iwiri, zonse ankamuponyera iye kuti awerenge n'kuwauza mutu wake. Ngakhale mbiriyi itawadutsa pamaso, sakanafika pansi penipeni. Ndipo a Fufutani anali atanena okha kuti m'munsi ndi kumanda. Analemba dzina la shopu ya a Chipewa ndi nambala yake m'chiganizo chomaliza. Sanaganize kuti masana onsewo anakhala akukonza mizere yoti ngakhale waulesi afike kumandako.

Zinagwira, inu. Sabata isanathe, tsamba linayamba kumuuza kuti anthu akuona mbiri yake: woyang'anira nyumba yosungira katundu, mayi wa kampani yotumiza zipatso kunja, injiniya wa pa chipatala. Nafiriji ankatsegula foni pa nthawi yopuma, manja ali mafuta okhaokha, n'kumawerenga maudindo awo ngati mwana wowerenga zotsatira za mayeso. Mayi wa zipatso uja anaimba pa foni ya shopu kumuitana kuti akacheze za ntchito sabata yotsatira. A Chipewa anavina pang'ono pakati pa mafiriji akufa, chipewa chili pamutu.

Kenako mnzake wina amene anaphunzira naye za mafiriji kalekale, yekhayo wa moyo wakale amene ankadziwa nambala yake yatsopano, anamutumizira chithunzi. Pansi pake analemba kuti: kodi uyu si iwe?

Chinali chithunzi cha sikirini ya foni. Dzina linali litaphimbidwa ndi mzere wakuda, koma mizere itatu ija inali pomwepo, paipi yothirira maluwa, timadontho titatu, onani zambiri. A Fufutani anali ataika pa tsamba lawo la malonda ngati chitsanzo cha mmene mbiri imayambira. Anthu anachikonda. Anachitumiza m'magulu a pa foni a ofuna ntchito, a amisiri, a mipingo, a makolo a pa sukulu. Ndipo popeza pa chithunzi sungadine, amene nkhani ya paipi inawayabwa ankapita pa tsamba lija kukasaka amisiri a zipinda zoziziritsira mpaka kupeza mwini wake. Amisiri achizimayi a ntchito imeneyi si ambiri.

Nafiriji anakhala pansi pa simenti, pakati pa shopu.

Anatsegula mndandanda wa amene aona mbiri yake. Unali wautali tsopano, anthu a ntchito zosiyanasiyana, aphunzitsi, oyendetsa galimoto, ophunzira. Pakati pawo panali mizere ina yopanda nkhope, ya kamutu kotuwa m'malo mwa chithunzi, yongonena kuti wina amene sanafune kudziwika waona mbiri yanu. Tsambalo limalola zimenezo. Silinena kuti ndi ndani, silinenanso ngati munthuyo anadina kapena anangodutsa. Nafiriji anayang'ana kamutu kotuwa kopanda maso kaja nthawi yaitali.

Anafufuta chiganizo chomaliza, dzina la shopu ndi nambala. Kenako anakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya mankhwala n'kulowa osagogoda.

"Munaika bwanji osandifunsa?"

"Asisi, dzina ndinaphimba. Ndipo taonani anthu amene..."

"Dzina! Amene ndikumuthawa dzina langa amalidziwa kale. Chimene sankadziwa ndi kumene ndili."

Anakwinya mkono wa ovolosi n'kuonetsa dzanja lamanzere, pamene fupa linalumikizana mokhota. A Fufutani anatembenukira ku kompyuta. Anachotsa chithunzicho pa tsamba lawo nthawi yomweyo, Nafiriji akuona. Anapepesa, ndipo anapepesa moona, misozi ili m'maso.

"Chakhalapo kuyambira liti?" anafunsa Nafiriji.

"Masiku angapo."

"Nanga chimene chili m'mafoni a anthu?"

A Fufutani anayesa kumulimbitsa mtima, koma mawu awo analibe mphamvu ija ya tsiku loyamba.

"Ambiri sadina, asisi. Ngakhale mizere ikhale yabwino bwanji, ambiri amangodutsa."

"Munandiuza kuti iyi adina."

"Ndinatero."

"Ndiye ndi ziti?"

Makina osindikizira anatsokomola okha pakona. A Fufutani anati bola abise mbiri yonse kwa kanthawi, kapena apite ku polisi. Nafiriji anaganiza za polisi: akawauze chiyani, kuti kamutu kotuwa kamuyang'ana pa foni? Mbiriyo anaibisadi madzulo omwewo. Mayi wa zipatso anali ataimba kale, tsiku linali litapanganidwa. Chinatsala n'kudikira.

Masiku amenewo anali oipa. Foni ya shopu inali ya pa tebulo, yakale, yolira ngati belu la sukulu, ndipo nthawi iliyonse ikalira Nafiriji ankagwetsa chimene wagwira. Ambiri anali makasitomala wamba. Ena anali anthu ongofuna kumva ngati nkhani ya paipi ndi yoona, ndipo a Chipewa ankawayankha monyadira ngati anaigwira okha paipiyo. Tsiku lina inalira, a Chipewa anayankha, anati halo kangapo, n'kuika pansi.

"Ndani?"

"Kaya. Akungopuma."

Tsiku lina mwamuna wina anafunsa kuti shopu imatsegulidwa nthawi yanji, ndipo ili msewu uti. A Chipewa anamulongosolera bwinobwino, mpaka mtundu wa geti.

"Mawu ake anali otani, madala?"

"Mawu a munthu. Waulemu kwambiri. Bwanji kodi, mwanawe? Watuwa ngati wadwala."

Apa ndi pamene akanawauza. Anayamba ndithu, anati madala, pakabwera munthu wondifunsa, musamuuze kanthu. A Chipewa anaseka n'kunena kuti ayi, makasitomala ako sindingakulande. Kasitomala analowa ndi firiji pa wilibala, nkhani inathera pomwepo. Nafiriji anadziuza kuti awafotokozera bwino mawa. Anadziuzanso kuti mwina ndi mantha chabe, kuti munthu waulemu wofunsa njira ndi munthu waulemu wofunsa njira basi.

Anasintha njira yopitira kunyumba. Ankadutsa mu msika, kutulukira ku mbali ya ogulitsa matayala, n'kuima pa kona kuyang'ana kumbuyo. Anauza mayi wosoka kuti Tsabola asamasewere kunja kwa mpanda. Mayiyo anati mwana ameneyu ndi tsabola weniweni, ungamutsekere ndani, koma anavomera. Chikwama cha zovala anachilongedza n'kuchiika pansi pa bedi. Anaganiza zothawa sabata yomweyo, koma athawire kuti, ndi chiyani? Kampani ya zipatso inali ndi nyumba zoziziritsira kutali, ku minda, ndi nyumba za antchito mkati mwa mpanda wa alonda. Akanangoipeza ntchitoyo, iye ndi Tsabola akanasowanso bwinobwino. Ankangofunika masiku ochepa.

Tsiku la kucheza linafika. Anavala bulauzi yoyera, anasiya Tsabola akudya phala pa khonde la mayi wosoka, n'kukwera basi kupita ku mbali ya mafakitale.

Mayi wa zipatso anali wamfupi, wachangu, wa nsapato za chitetezo pansi pa siketi. Anali ndi injiniya wake, bambo wa ndevu zoyera amene ankaoneka kuti sakhulupirira aliyense.

"Ndinene zoona," anatero mayiyo, "tinali ndi mbiri zambiri, ndipo zonse zinkayamba ndi kulimbikira ntchito. Yanu ndinadina ndisanaganize. Ndinafuna kudziwa kuti paipi ikulowa pati."

Injiniya anamufunsa kuti madziwo sanafike bwanji pa mawaya, geji inkasonyeza chiyani, akanatani mpopi ukanauma. Nafiriji anayankha zonse, ndipo poyankhapo anaiwala mantha. Anamutengera ku chipinda china chimene chinkaundana madzi pa mapaipi a mkati, ndipo iye anapeza kuti chotenthetsera chosungunula madzi oundanawo chafa, injiniyayo asanamalize n'komwe kumufotokozera. Injiniya anakanda ndevu n'kuyang'ana abwana ake.

Anamuuza kuti ayambe mwezi ukamayamba, ku minda, ndipo nyumba ilipo. Atafunsa ngati angapite msanga, mawa lomwe, mayiyo anadabwa pang'ono koma anati galimoto ya kampani imapita kumeneko m'mawa uliwonse, malo alipo.

M'basi pobwerera Nafiriji analira mwakachetechete, nkhope atalozetsa pa windo. Chinali chimwemwe, chosakanikirana ndi kutopa kwa chaka chathunthu. Anaganiza zowaimbira a Fufutani kuwauza kuti mizere yawo yagwira ntchito, kuti wawakhululukira. Anaganiza zogulira Tsabola nsapato. Anatsika pafupi ndi shopu kuti akatenge chikwama cha zitsulo ndi kutsanzika madala.

Anawapeza a Chipewa atakhala pa mpando wawo pakhomo, akumwa chakumwa cha m'botolo chimene sankadzigulira okha.

"Wabwera! Nanga bwanji sunandiuze kuti uli ndi achimwene otere?"

Nafiriji anaima.

"Achimwene ati?"

"Achimwene ako, amene afika m'mawa uno iwe kulibe. Munthu waulemu, iwe! Andigulira ichi. Akuti banja lonse lakhala likukusaka, mayi ako akudwala, nambala yako inasowa. Akuti anakupeza chifukwa cha nkhani ya paipi ija, mwana wa mlongo wawo anawaonetsa pa foni. Aifotokoza bwino kuposa iwe, mpaka zoti unabwerera ku ukwati utanyowa. Taseka, mwanawe!"

"Ndinakuuzani kuti musauze munthu."

"Munthu, inde. Koma awa ndi achimwene ako. Anali ndi chithunzi cha Tsabola ali wakhanda m'chikwama mwawo."

"Mwawauza chiyani?"

A Chipewa anaona nkhope yake, ndipo kumwetulira kunayamba kuchoka pang'onopang'ono. Anaika botolo pansi.

"Ndangowalozera kwa mayi wosoka. Anati akadikira kumeneko."

Nafiriji sanatenge chikwama cha zitsulo. Anathamanga. Sanadutse mu msika, analunjika msewu waukulu, bulauzi yoyera ikumamatira kumsana, anthu akumupatukira. Nsapato imodzi inavuka pa ngalande, anavula inayo n'kupitiriza. Njira yonse ankapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti mayi wosoka akhale wamakani lero, akhale wokayikira, akhale wamwano ngati mmene amakhalira ndi makasitomala osalipira.

Makina osokera anali chete. Mayiyo anatuluka pa khonde akupukuta manja, nkhope ili yowala.

"Mwafika! Alendo anu ndawatsegulira kwanu, asakhale padzuwa. Ndawapatsa tiyi. Koma Tsabola, ha! Poyamba amabisala kumbuyo kwanga, pano sakuchoka pamwendo."

Nafiriji anazungulira nyumba kupita kuseri. Pakhomo pa chipinda chake panali nsapato zachimuna zakuda, zopolishidwa, zitaikidwa moyandikana bwinobwino. Mkati Tsabola ankaseka.

Anakankha chitseko. Bambo a Tsabola anali atakhala pa bedi, mwana ali pamwendo akuseweretsa wotchi yawo. Chikwama cha zovala chija chinali chitatulutsidwa pansi pa bedi, chili pambali pa phazi lawo, ndipo zovala za Nafiriji zinali zitachotsedwamo n'kupindidwa pa mpando. Munatsala za mwana zokha.

"Amama, taonani, adadi!"

Bamboyo anakweza maso n'kumwetulira. Dzanja lawo lina linali pa khosi la mwanayo kumbuyo, likumusisita pang'onopang'ono.

"Wathamanga," anatero motsitsa mawu. "Lowa. Tseka chitseko."